Ndinagula lole kwa munthu amene sanali mwini wake: kodi ndalama zanga zapita?

Funso: "Miyezi 10 yapitayo ndinagula lole ya matani 7 yogwiritsidwa kale ntchito kwa bambo wina amene tonse tinkamuona akuiyendetsa kwa zaka zingapo. Bulubuku inali m'dzina la munthu wina, koma iye anandiuza kuti ndi amalume ake amene anapita kunja kukagwira ntchito, ndipo anandipatsa kalata yosainidwa yomuloleza kugulitsa. Ndinalipira ndalama zonse pamanja m'magawo awiri, tinalemberana pamaso pa mboni ziwiri, koma dzina pa bulubuku sindinasinthe. Ndakonzetsa injini ndiponso ndagula matayala 6 atsopano. Tsopano mwini dzina uja wabwera ndi apolisi, akuti munthuyo anali dalaivala wake chabe ndipo kalatayo ndi yabodza. Lole ili kupolisi, wogulitsa uja foni yake siikupezeka. Kodi lole ndi ya ndani, nanga ndalama zanga ndizipeza bwanji?"

Bambo, ngati zimene mwini dzinayo akunena zili zoona, lole ija idakali yake, ndipo n'zokayikitsa kwambiri kuti khoti lingakupatseni. Ndayamba ndi mawu owawa chifukwa anthu ambiri amene zoterezi zawagwera amataya miyezi ndi ndalama zina akulimbana ndi munthu wolakwika, pamene amene anadya ndalama zawo akunka nathawira kutali. Kugula ndi mtima woyera kuli ndi phindu lake, ndipo phindulo si laling'ono, pakuti ndi kumene kumakutetezani kuti musaimbidwe mlandu wolandira katundu wakuba, komanso ndi kumene kumakupatsani mwayi woitanitsa zimene munawononga pokonza. Chimene mtima woyera sungachite paokha ndi kusamutsa umwini kuchoka kwa mwini weniweni kubwera kwa inu.

Lamulo lake ndi lakale kwambiri, lochokera m'nthawi ya Aroma, ndipo linalembedwa m'lamulo la kagulitsidwe ka katundu la ku Mangalande la mu 1893, limene mayiko ambiri amene ankalamulidwa ndi dzikolo anatengera pafupifupi liwu ndi liwu. Limati munthu sangapereke kwa mnzake umwini woposa umene iye ali nawo. Dalaivala ali ndi makiyi, ali ndi chilolezo choyendetsa, mwina alinso ndi mphamvu yolandira ndalama za ulendo, koma umwini alibe, kotero pa tsiku limene munamupatsa ndalama panalibe chimene akanakusiyirani. Pepala limene munalemberana ndi lenileni ndipo likugwira ntchito, koma likumanga inu ndi iye basi. Mwini lole sanaikepo dzanja lake, ndipo mboni ziwiri zija zinangoona ndalama zikusintha manja, sizinaone mwini akuvomereza.

Funso limene loya aliyense wodziwa ntchito adzayamba kukufunsani si lakuti munalipira zingati, koma lakuti loleyo inachoka bwanji m'manja mwa mwini wake. Mlandu wonse umatembenukira pamenepa, ndipo ndi pamene ndikufuna tikhalepo nthawi yaitali, chifukwa anthu amasokoneza zinthu zitatu zimene zimaoneka ngati zofanana koma zotsatira zake n'zosiyana kotheratu.

Njira yoyamba ndi yakuti mwini anangopereka galimoto kwa munthu kuti aiyendetse, aisunge, aikonze kapena aibwereke. Apa ndi pamene pali madalaivala, amakaniko, achibale osungitsidwa katundu ndi anthu ochita hayala. M'malamulo ochokera ku Mangalande, kungopatsa munthu katundu kuti akhale naye sikutanthauza kuti wauza dziko kuti munthuyo angagulitse, ndipo wogula kwa munthu wotere ali chimodzimodzi ndi wogula kwa mbala imene inathyola geti usiku. Izi zimamveka zouma mtima kwa inu amene munamuona munthuyo ali pa chiwongolero kwa zaka zambiri, koma taganizirani mmene zinthu zikanakhalira lamulo likanakhala losiyana. Palibe mwini malole amene akanalemba dalaivala ntchito, popeza ulendo uliwonse ukanakhala mwayi woti galimoto igulitsidwe iye osadziwa, ndipo osabwezeredwa. Inunso, mukanakhala ndi loleyo mpaka chaka chamawa n'kulemba dalaivala wanu, mukanadalira lamulo lomweli.

Njira yachiwiri ndi yakuti mwini anatuma munthu kuti agulitse. Ngati anamutumadi, kaya ndi pakamwa kaya ndi kalata, malondawo ndi ogwira ngakhale wotumidwayo atathawa ndi ndalama, ndipo wolira amakhala mwini lole, osati wogula. Malamulo amapitiriranso pang'ono kwa munthu amene ntchito yake yodziwika ndi kugulitsira anthu ena magalimoto: mwini akasiya galimoto kwa munthu wotere kuti aipezere wogula, ndipo iye n'kugulitsa pa mtengo wotsika kuposa umene anauzidwa, wogula amene sankadziwa za malirewo amatetezedwa. Koma dalaivala si wogulitsa magalimoto, ndipo kalata yosainidwa mwachinyengo siipereka mphamvu iliyonse, ngakhale itaoneka bwino chotani, ngakhale itakhala ndi chidindo.

Njira yachitatu ndi imene imadabwitsa anthu. Mwini akagulitsa yekha galimoto kwa munthu wachinyengo, mwachitsanzo amene wamupatsa cheke chopanda ndalama ku banki, umwini umasamukira kwa wachinyengoyo ndipo umakhala kwa iye mpaka pamene mwini achitepo kanthu kuthetsa malondawo. Wachinyengoyo akafulumira kugulitsa kwa munthu wosadziwa kanthu malonda oyamba asanathetsedwe, wogula wachiwiriyo amakhala mwini weniweni. Pali mlandu wotchuka wa ku Mangalande wa m'zaka za m'ma 1960 pamene bambo wina dzina lake Caldwell anagulitsa galimoto yake ya mtundu wa Jaguar kwa munthu amene anamulipira ndi cheke chosagwira. Atangozindikira m'mawa wake, anakauza apolisi ndi bungwe la oyendetsa magalimoto kuti aifunefune, ndipo khoti linagamula kuti kuchita zimenezo kunali kokwanira kuthetsa malondawo, kotero amene anadzaigula pambuyo pake sanapeze umwini. Akanazengereza masiku angapo mpaka galimotoyo itagulidwa ndi munthu wosalakwa, chigamulo chikanamuipira. Ndatchula mlanduwu kuti muone kuti m'nkhani za mtundu uwu tsiku ndi ola zimakhala ndi kulemera kwake.

Malinga ndi mmene mwini dzina akufotokozera, nkhani yanu ili m'njira yoyamba. Koma zimenezo ndi zonena zake, ndipo inu simuyenera kuzimeza zosatafuna. Zimachitika ndithu kuti munthu amatuma mphwake kapena wantchito wake kuti agulitse katundu, ndalama osazilandira kapena kulandira zochepa, kenako n'kuona kuti njira yachidule yobwezera zake ndi kukana kuti anatumapo munthu. Ntchito yanu yoyamba, imene ili yotsika mtengo kuposa kusuma, ndi kufufuza ngati nkhani yanu ingakokeredwe ku njira yachiwiri. Pezani tsiku limene mwiniyo anakadandaula kupolisi koyamba ndi mawu enieni amene analembetsa. Munthu amene lole yake inali pa ntchito yomubweretsera ndalama sabata ndi sabata sangathe miyezi 10 osazindikira kuti yasowa, choncho ayenera kufotokoza kuti ankalandira chiyani m'miyezi imeneyo ndiponso ankalankhula zotani ndi dalaivala wake. Ngati dalaivalayo ankapitiriza kumutumizira tindalama mwezi ndi mwezi ngati kuti lole ikugwirabe ntchito, ndiye kuti mwiniyo ananamizidwadi ndipo nkhani yake yalimba. Koma ngati zingapezeke kuti patangopita masiku awiri kapena atatu kuchokera pamene inu munalipira gawo loyamba, ndalama yaikulu inalowa mu akaunti yake kuchokera kwa dalaivalayo, nkhani yasintha nkhope, pakuti munthu amene walandira ndalama za malonda akudziwa kumene zachokera amatengedwa kuti wavomereza malondawo ngakhale sanawalamule poyamba.

Funsaninso ngati wogulitsa uja alidi mphwake wa mwiniyo kapena chibalecho chinali bodza, ngati mwiniyo anauzapo munthu wina kuti akufuna kugulitsa loleyo, ndiponso ngati anabwerapo kudzacheza m'miyezi imeneyi n'kuiona ili ndi inu osanena kanthu. Chomalizachi n'chofunika chifukwa pali lamulo lakuti mwini amene mwa mawu kapena zochita zake wachititsa wogula kukhulupirira kuti wogulitsayo ali ndi mphamvu saloledwa kudzakana pambuyo pake. Makhoti salitambasula kwambiri lamuloli, ndipo kusasamala chabe, monga kusiya bulubuku m'galimoto, nthawi zambiri sikukwanira. Siginecha ya pa kalata ija iyerekezedwe ndi ya pa chiphaso chake kapena pa zikalata zimene anasaina polembetsa galimotoyo, ndipo ngati pali kukayika pamafunika katswiri woyesa zolemba pamanja. Kalata yeniyeniyo musaipereke kwa munthu popanda kulembetsa kuti wailandira, ndipo musanatero ijambuleni mbali zonse ziwiri.

Za bulubuku pali chikhulupiriro chimene chapweteketsa anthu ambiri, chakuti amene wagwira bukulo ndiye mwini galimoto. M'mayiko ambiri bukulo ndi kaundula wa boma wosonyeza munthu amene ayenera kuyankha pa za misonkho ndi milandu ya pamsewu, ndipo ngakhale lili umboni wamphamvu, silipereka umwini kwa amene walitenga m'manja. Makhoti a ku Mangalande ananena zimenezi momveka mu 1956, pa mlandu wa kampani yogulitsa magalimoto imene inalola munthu wachinyengo kuchoka ndi galimoto pamodzi ndi buku lake, ndipo wogula womaliza analuza ngakhale anali ndi zonse ziwiri. Kwa inu bukuli likulankhula mokutsutsani, chifukwa linakuuzani poyera kuti pali munthu wina amene dzina lake lili pa galimotoyo, ndipo woweruza adzafuna kudziwa chifukwa chimene simunapemphe kulankhula naye pa foni musanatulutse ndalama zochuluka chotero. Kusasintha dzina kwa miyezi 10 kudzafunsidwanso. Konzekerani kuyankha zoona pa mafunso awiriwa, popeza ndi pamene wotsutsana nanu adzayesa kusonyeza kuti munkadziwa kapena munatseka maso dala.

Malamulo a nkhaniyi sali ofanana padziko lonse, ndipo amene amagwira ntchito ndi a dziko limene loleyo inali pa tsiku la malonda. Mayiko amene anatengera malamulo a ku Faransa amayamba ndi maganizo osiyana, akuti pa katundu wonyamulika, kukhala naye ndi mtima woyera kuli ngati umwini, ndipo mwini wake amaloledwa kumulondola kwa zaka 3 zokha ngati anabedwa kapena kutayika. Kumeneko munthu amene anapereka yekha katundu wake kwa wina n'kupusitsidwa ndi munthuyo amavutika kumulanda kwa wogula wosalakwa. Komabe ngakhale m'mayiko okomera wogula, mtima woyera umayesedwa mwamphamvu pa nkhani ya magalimoto. Makhoti a ku Jeremani, mwachitsanzo, amaona kuti wogula galimoto yakale amene sanayang'ane chikalata chake, kapena amene anaona dzina losiyana ndi la wogulitsa koma osafufuza, wachita mphwayi yaikulu ndipo sangatetezedwe. Choncho dzina lachilendo pa bukulo ndi vuto kulikonse kumene mungaliike.

Tibwere ku ndalama zanu. Pa malonda aliwonse a katundu, ngakhale zisanalembedwe, wogulitsa amatengedwa kuti walonjeza kuti ali ndi ufulu wogulitsa, ndipo lonjezoli likasweka wogula ali ndi ufulu woitanitsa mtengo wonse. Mlandu umene maloya amatchula kawirikawiri ndi wa Rowland ndi Divall wa mu 1923. Rowland, amene anali wogulitsa magalimoto, anagula galimoto kwa Divall pa mtengo wa mapaundi 334, anaipenta, n'kuigulitsa kwa munthu wina pa mapaundi 400, ndipo patapita miyezi pafupifupi 4 apolisi anailanda chifukwa inali yakuba, ngakhale Divall nayenso anaigula osadziwa. Divall anati pachotsedwe kanthu popeza galimotoyo inali itagwiritsidwa ntchito miyezi yonseyo, koma khoti la apilo linakana n'kulamula kuti abweze mapaundi 334 onse, ponena kuti Rowland analipirira umwini, osati kubwereka galimoto, ndipo umwiniwo sanaulandire. Mfundo imeneyi ili kumbali yanu: miyezi 10 imene mwanyamulira katundu siichepetsa ngongole imene wogulitsa uja ali nayo kwa inu, ndipo pamwamba pa mtengowo mungathe kuitanitsa zina zimene mwataya chifukwa cha bodza lake.

Vuto ndi lakuti chigamulo cha khoti ndi pepala, ndipo pepala lolamula munthu wothawa kapena wopanda katundu kuti alipire silibweretsa ndalama. Pa chifukwa chimenechi, musanalipire loya kuti asume, dziwani kaye ngati munthuyo ali ndi chogwirika chimene khoti lingalande, monga nyumba, munda, galimoto ina kapena akaunti ya ku banki, ndiponso kuti ndalama zanu anazilowetsa kuti. Munthu amene walandira ndalama za lole pamanja kawirikawiri amagula chinthu chooneka m'masabata otsatira, ndipo achibale ake ndi anzake a kuntchito amadziwa. Chikapezeka, loya angapemphe chiletso cha khoti kuti katunduyo asagulitsidwe mlandu usanathe. Mukadandaulenso kupolisi inuyo panokha monga munthu wobedwa mwachinyengo ndiponso wopatsidwa kalata yabodza, m'malo mongokhala mboni pa dandaulo la mwini lole. Kutero kumaika m'kaundula kuti inunso ndinu wolakwiridwa, ndipo m'mayiko ambiri khoti loweruza milandu yaupandu lingathe kulamula wopezeka wolakwa kuti abweze zimene anaba.

Mboni ziwiri zija si anthu oti muwalipiritse chifukwa chongosaina, pakuti mboni siikhala chikole. Zimasintha pokhapokha ngati mmodzi wa iwo anakutsimikizirani zabodza akudziwa, mwachitsanzo ngati ananena kuti anamva yekha amalumewo akulamula kuti lole igulitsidwe, kapena ngati analandira gawo la ndalamazo. Chimodzimodzinso dobadoba, ngati analipo amene anakulumikizani: kungokuonetsani galimoto si mlandu, koma kunama za umwini kuti alandire yake ndi mlandu, ndipo iye amakhala wosavuta kumupeza kuposa wothawa uja.

Mbali imene anthu amaiwala, ndipo ndi imene muli ndi mwayi weniweni wopulumutsapo kanthu, ndi ya zimene munakonza. Mwini lole sayenera kulandira galimoto yabwino kuposa imene anataya popanda kulipira kusiyanako. Mu 1972 khoti la apilo la ku Mangalande linaweruza mlandu wa bambo wina dzina lake Bennett, amene anapereka galimoto kwa munthu kuti aikonze, koma munthuyo anachita nayo ngozi n'kuigulitsa ili yophwanyika kwa Harper pa mapaundi 75. Harper, amene anali ndi galaja ndipo sankadziwa kanthu, anaikonza pa mtengo wa mapaundi 226, ndipo khoti linagamula kuti galimotoyo ibwerere kwa Bennett koma iye alipire Harper ndalama zokonzerazo. Chimene chinamupulumutsa Harper ndi chakuti anakonza akukhulupirira moona mtima kuti galimotoyo ndi yake.

Tiyeni tiwerengere limodzi, ndipo kuti zisavute titenge mtengo umene munagulira ngati 100. Tiyerekeze kuti kukonza injini, kuphatikizapo mapisitoni, malingi, mabeyalingi ndi ndalama ya makaniko, kunakudyerani 18, matayala 6 anakudyerani 9, ndipo oyilo, mafyuluta ndi zina za sevisi ya nthawi zonse zinakwana 4, kotero zonse pamodzi ndi 31. Musayembekezere kuti 31 yonseyo ibwerera. Zimene khoti limayang'ana kwambiri ndi mmene mtengo wa galimoto wakwerera chifukwa cha ntchito yanu, osati zonse zimene zinatuluka m'thumba mwanu. Ndalama za sevisi zinathera pa msewu pamene inu munkapanga nazo phindu, choncho 4 uja muiwaleni. Matayala ngati atha theka, mtengo wake lero uli pafupi ndi 4 kapena 5. Injini ndiyo imasunga mtengo wake nthawi yaitali, ndipo ngati munthu woyesa mitengo ya magalimoto atanena kuti yakweza loleyo ndi 14, ndiye kuti chimene mungaitanitse moyenera kwa mwini wake chili cha m'ma 18 kapena 19. Zotsalazo zimapita pa ngongole ya wogulitsa uja. Zonsezi zimadalira umboni, ndiye sonkhanitsani malisiti a zipangizo, pemphani makaniko alembe zimene anapeza atatsegula injini ndi zimene anasintha, ndipo ngati zitsulo zakale zimene zinachotsedwa zidakali ku galaja zisungeni, popeza ndizo zimasonyeza kuti injiniyo inalidi yotha pamene munaigula.

Dziwaninso kuti mwini lole ali ndi ndodo yake. M'malamulo ochokera ku Mangalande, munthu amene wagwiritsa ntchito katundu wa wina ngati wake angathe kulipiritsidwa ngakhale sankadziwa, choncho iye anganene kuti mumulipire chifukwa cha miyezi 10 imene lole yake inkagwira ntchito kwa inu. Lole ya matani 7 yochita hayala miyezi yochuluka chotero ingapange ndalama yoposa 18 kapena 19 wanu uja, ndipo ichi ndi chifukwa chimene ndimalangizira anthu a nkhani ngati yanu kuti akambirane asanathamangire kukhoti. Nonse awiri mwaberedwa ndi munthu mmodzi, ndipo tsiku lililonse limene loleyo yakhala pa bwalo la polisi ikutaya mtengo: mabatire amafa, matayala amaphwa n'kung'aluka, madzi amalowa m'kabini, ndipo tizipangizo tina timasowa mosadziwika bwino. Mgwirizano umene umachitika kawirikawiri ndi wakuti mwini atenge lole yake, akulipireni gawo la zokonza, ndipo aliyense asiye madandaulo ake pa mnzake. Wina ndi wakuti, ngati mwiniyo akubwerera kunja ndipo alibe munthu wina womukhulupirira, akugulitseni loleyo pa mtengo umene inali nawo musanaikonze, mulipire pang'onopang'ono kuchokera m'ndalama za maulendo. Kulipira kawiri chinthu chimodzi kumawawa, koma kwa munthu amene wapeza kale makasitomala ndipo akuidziwa injini yake, nthawi zina kumaposa kuyambiranso wopanda galimoto.

Pa za apolisi, udindo wawo ndi kusunga loleyo ngati umboni ndi kufufuza mlandu, koma kugamula kuti mwini wake ndani pamene anthu awiri akulimbirana ndi ntchito ya khoti. Lembani kalata, kudzera kwa loya ngati mungathe, yodziwitsa mkulu wa polisiyo kuti munagula loleyo ndipo muli ndi dandaulo pa iyo, ndi kupempha kuti isaperekedwe kwa aliyense popanda mgwirizano wolembedwa kapena lamulo la khoti. Chifukwa chake n'chakuti loleyo ikangofika m'manja mwa mwini wake popanda kukambirana za zokonza, mphamvu yanu yokambirana imachepa kwambiri, popeza pa mlandu wa Harper uja khoti linatha kumuthandiza mosavuta chifukwa galimoto inali idakali m'manja mwa apolisi ndipo khoti ndilo linkagamula woti aitenge. Pemphani kuti pakhale ndandanda yolembedwa ya zonse zimene zili pa galimotoyo, kuphatikizapo manambala a matayala ndi mabatire, jeke, tayala lapadera ndi makilomita amene akuoneka pa wotchi, ndipo jambulani zithunzi. Musayese kuchotsa matayala anu mobisa, musapereke kanthu kwa wapolisi kuti loleyo ituluke, ndipo ngati itabwezedwa kwa inu podikira mlandu musaigulitse kapena kuiphwasula, chifukwa tsopano mukudziwa kuti pali mkangano, ndipo chilichonse chimene mungachite kuyambira lero sichidzatengedwanso kuti ndi cha munthu wosadziwa.

Ngati mungagwirizane zoti muiguledi kwa mwini dzinayo, musabwereze njira yomwe ija ndi munthu wina. Dzina lake kukhala pa bulubuku sikutsimikizira kuti palibe winanso amene ali ndi dzanja pa loleyo. Malole ambiri amagulidwa ndi ngongole ya banki kapena ya kampani yobwereketsa ndalama, ndipo pa mgwirizano wogula pang'onopang'ono umwini umakhala wa kampaniyo mpaka gawo lomaliza litalipiridwa, kotero munthu wolembedwa m'bukulo angakhale nayenso wopanda ufulu wogulitsa. Pitani naye limodzi ku ofesi yolembetsa magalimoto ali ndi chiphaso chake, muone zimene zili m'kaundula wawo osati pa pepala lokha, ndipo ngati dziko lanu lili ndi kaundula wa katundu woikidwa chikole mufufuzemo pogwiritsa ntchito nambala ya chasisi. Ngati panali ngongole, pakhale kalata yochokera kwa wobwereketsayo yonena kuti inatha, ndipo muitsimikize powaimbira kapena kupitako nokha.

Nambala ya chasisi muiwerenge nokha pa chitsulo. Pa magalimoto ambiri opangidwa kuyambira 1981 imakhala ya zilembo ndi manambala 17, imene pa zikalata imalembedwa kuti VIN, ndipo simukhala zilembo I, O ndi Q, ngakhale magalimoto ena opangidwira msika wa m'dziko la Japani ali ndi nambala yaifupi ya mtundu wawo. Pa lole imadindidwa pa mtanda wa chasisi, kawirikawiri chakutsogolo pafupi ndi tayala, ndipo imabwerezedwa pa kachitsulo komatidwa m'kabini kapena pa mphuthu ya chitseko. Kabini ya lole imatha kusinthidwa yonse, choncho kachitsulo ka m'kabini pakokha si umboni, ndipo chodalirika ndi chimene chili pa chasisi. Tsukani malowo ndi dizilo ndi bulashi, muunike ndi tochi chopingasa, ndipo muone ngati chitsulocho chili chosalala kapena cholowa m'kati kusiyana ndi pambali pake, ngati zilembo zili zosiyana msinkhu kapena zosatsatana mzere, ngati pali penti yatsopano pamalo okhawo, kapena ngati kuseri kwa mtandawo kuli chipsera cha kuwotcherera. Nambala ya injini nayo igwirizane ndi ya m'buku, ndipo ngati makaniko wanu anasintha buloko ya injini pokonza paja, nambala yatsopanoyo iyenera kulembetsedwa. Ndalama mulipire kudzera ku banki mu akaunti ya dzina lenileni la mwiniyo, ndipo gawo lomaliza lituluke pa tsiku limene dzina lanu lalowa m'kaundula, mgwirizano wake utanena momveka kuti iye wasiya dandaulo lililonse la miyezi 10 yapitayi.